Buku la Kumudzi la a Nason

Aliyense amene anagwirako ntchito papulazi ya fodya ija, ili chakumanja mukamachoka ku Shamva kulowera ku Harare, amawakumbuka a Nason Chimbalanga. Anali kalaliki wa papulazipo, ndipo Ashona ankangowatchula kuti Mabharani, kutanthauza kalaliki m'Chishona, dzina limene ankalikonda kuposa la ubatizo. Anali munthu wamfupi, wa dazi lowala, wovala tayi ngakhale mu Okutobala pamene agalu amathawira kunsi kwa thirakitala. M'thumba la malaya munkakhala zolembera zitatu, yakuda, yofiira ndi ina yosalemba imene ankaisunga chifukwa inali yokongola. Anachoka kwawo ku Ntcheu mu 1959 ali ndi Sitandade 6, nayenda wapansi kudzera ku Tete, ndipo atafika papulazipo mzungu wamkulu anaona kalembedwe kawo nawatulutsa m'munda tsiku lomwelo. Chichokereni m'mundamo, khasu ankangoligwira Loweruka masana, kudimba la akazi awo a Emelia, ndipo ngakhale kumeneko ankaligwira monyinyirika.

Masiku amenewo komboni inali ngati mudzi wa kwathu umene wina anaunyamula n'kukautula pakati pa Ashona. Kuseri kwa sitolo ankayankhula Chinyanja cha ku Tete, kumpopi Chichewa cha ku Dedza, ana ankasakaniza zonse ndi Chishona mpaka akuluakulu kugwira pakamwa. Lamlungu m'mawa kunkamveka nyimbo za tchalitchi cha udzu, masana mpira, ndipo tsiku la malipiro mzere unkayambira pawindo la a Nason mpaka pamtengo wa bulugamu. Iwo ankaitana munthu aliyense ndi dzina lake lonse, kumupatsa envulopu, kenako kumulangiza za mowa ngakhale munthuyo sanapemphe malangizo. Anthu ankawanena kuti ngodzimva, ndipo kunena zoona ankadzimva ndithu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapezapo senti yosowa mu envulopu yake.

Muofesimo munali mabuku awiri. Loyamba linali la malipiro, lachikuto chakuda, limene boma linkalidziwa. Antchito ambiri ankalandira ndalama yochepa yosafika poyambira msonkho, koma panali amuna asanu ndi mmodzi, akapitawo, makaniki, dalaivala ndi kalaliki yemweyo, amene malipiro awo ankadutsa pang'ono malirewo. Mwezi ndi mwezi a Nason ankawadula msonkho wa pamalipiro, kulemba fomu, ndi kutumiza cheke ku ofesi ya misonkho ku Harare tsiku lisanapitirire. Chaka cha msonkho chikatha kumapeto kwa Malichi, ankalembera aliyense fomu yake ya P6 yosonyeza zimene walandira ndi zimene wadulidwa. Ntchito imeneyi ankaigwira mwaulemu ngati akuwerenga mawu kutchalitchi.

Lachiwiri linali lachikuto chobiriwira, ndipo aliyense ankalitcha buku la kumudzi. Fodya akagulitsidwa ku okushoni, amuna asanu ndi mmodzi aja ankapatsidwa bonasi yabwino ndithu. Koma onse anali ochokera kutali, ndipo onse ankadziwa kuti ndalama ikagona usiku umodzi mukomboni imadzuka itasanduka chibuku, wailesi kapena ngongole ya mlamu. Tsono anapangana ndi mzungu wamkulu uja kalekale kuti bonasiyo asamaigwire m'manja. Inkalembedwa m'buku lobiriwira pansi pa dzina la mwini wake, kampani n'kusunga, kudikira tsiku limene munthuyo adzanene kuti basi, ndikupita kwathu. A Nason m'mutu mwawo munalibe chikayiko: ndalama imene munthu sanaigwire si malipiro, ndipo boma silingadule chinthu chimene sichinatuluke pawindo. Palibe anawatsutsa, chifukwa palibe anawafunsa.

Tsamba lodzaza kwambiri m'bukulo linali la a Saturday Gomani, kapitawo wamkulu wa fodya, wa ku Dedza. A Saturday sankadziwa kuwerenga, koma tsamba la fodya ankalidziwa giredi yake pongolisisita ndi chala. Anali aatali, a mawu aakulu, ndipo anali bwenzi la a Nason la mtundu uja wokhalira kunyozana. Mwezi uliwonse ankasuzumira pawindo n'kuitana a Nason ndi dzina la mfunda wawo.

"A Phiri, tandiwerengereni mari yanga, ndimve ngati simunadyeko."

"Achimwene, ndikanafuna kudya ndikanayamba ndi ya munthu wodziwa kuwerenga, kuti pakhale ulemu."

Kenako ankawawerengera, ndipo a Saturday ankatseka maso n'kumasandutsa madolawo kukhala malata, matumba a simenti ndi mafelemu a zitseko. Analumbira kuti sadzafika kwa mlongo wawo ngati mtchona wobwera ndi sutikesi yokha. Akazi awo anamwalira mu 1986, ana anabalalikira ku Harare ndi ku migodi, ndipo nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njira ya ku Tete kwa zaka zambiri. Nkhondo itatha mabasi anayamba kudutsa bwinobwino, ndipo mu 1994 a Saturday, ali ndi zaka 68 ndi chifuwa chosamva mankhwala, analengeza kuti mvula ya chaka chimenecho ikawapeza ku Dedza. M'buku munali madola 9,400.

Chaka chomwecho boma linayambitsa thumba la penshoni la antchito onse, ndipo mwana wa mzungu wamkulu, amene tsopano ankayendetsa kampani ndipo antchito ankamutcha Mandevu, anaitana akauntanti wa ku Harare kuti adzakonze mabuku. Munthuyo anali a Mcloud Nyirenda, bambo wa zaka makumi anayi, wobadwira ku mgodi wa Arcturus kwa makolo a ku Nkhata Bay. A Nason anawalandira ngati mlendo wodzaona zokongola. Anawayalira buku lakuda, a Mcloud analiyamikira, ndipo chifukwa chokomedwa ndi mayamikowo a Nason anatulutsanso lobiriwira, limene palibe anawafunsa.

A Mcloud anatembenuza masamba atatu, navula magalasi.

"Mdala, msonkho wa ndalama izi unadulidwa kuti?"

"Palibe chodula pamenepo, mwana wanga. Izi sizinalipidwe. Zikungosungidwa."

"Zinalembedwa pa dzina la munthu?"

"Dzina lake lonse."

"Atazifuna mawa mungamukanize?"

"Ndingamukanize bwanji ndalama yake?"

"Ndiye mwayankha nokha, mdala. Tsiku limene munalemba kuti ndi yake, lamulo limati walandira. Kaya waigwira, kaya sanaigwire. Msonkho unayenera kudulidwa chaka chomwecho."

A Nason anakhala pansi. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu palibe munthu anawapezerapo cholakwa m'buku, ndipo lero chinawapeza kudzera mwa mwana wa ku Arcturus woyankhula Chichewa chopindika. Anachita manyazi kwambiri, manyazi otentha m'makutu, ndipo poyamba anaganiza zoipa. Ananena motsitsa mawu kuti bukulo boma silikulidziwa, ndipo likhoza kubwerera m'kabati momwe linachokera. A Mcloud anapukusa mutu. Anafotokoza kuti oyendera mabuku a boma anali atayamba kale kulowa m'mapulazi a ku Goromonzi, ndipo akadzazipeza okha kampani idzalipira msonkhowo, chiwongoladzanja, ndi chilango chimene chikhoza kufanana ndi msonkho womwewo. Koma kampani ikadziulula yokha asanabwere, ndi kalata yonena zonse poyera, kawirikawiri chilango amachichotsa kapena kuchichepetsa. Anamaliza ndi mwambi umene anati anaumva kwa bambo awo, woti fisi akatola fupa sadyera pomwepo, koma boma likatola fupa limadyera pomwepo. A Nason sanaseke.

Mandevu atamva anatukwana m'Chingerezi kwa kanthawi, kenako anavomera kuti kalata ilembedwe. Mlungu wathunthu a Nason ndi a Mcloud anakhala patebulo limodzi, kubwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi chimodzi monga a Mcloud ananenera. Munthu aliyense anali ndi mzere wake chaka chilichonse: zimene analandira pawindo, bonasi ya m'buku lobiriwira, msonkho umene unadulidwa, umene unayenera kudulidwa, ndi kusiyana kwake. A Nason ankalemba manambalawo mokongola ngati kale, koma tayi inali itamasulidwa, ndipo masana sankapitanso kunyumba kukadya.

Kalatayo inatayipidwa pamakina akale a muofesimo, yopita kwa Komishinala wa Misonkho ku Harare. Inatchula dzina la kampani ndi nambala yake ya msonkho. Inanena kuti kampani ikulemba mwa kufuna kwake, popanda woifunsa kapena woiyendera. Inafotokoza za buku la kumudzi monga linalili, kuti bonasi inkasungidwa osadulidwa msonkho chifukwa cha kusamvetsa lamulo, osati pofuna kubisa. Inatchula zaka zake, ndalama yonse yoperewera, ndi cheke chimene anachiphatika pamodzi ndi ndandanda ija ndi mafomu a P6 okonzedwanso. Inavomera chiwongoladzanja, inapempha kuti chilango chichotsedwe, ndipo pomaliza inalonjeza kuti buku lobiriwira litsekedwa, aliyense apatsidwa zake, ndipo bonasi iliyonse kuyambira tsopano idzadutsa m'buku la malipiro. A Nason anafufuza dzina lawo m'kalatamo ndipo sanalipeze.

"Bwanji simunalembe kuti wolakwa ndi kalaliki?"

"Boma limadziwa kampani, mdala. Wolemba ntchito ndiye amene ali ndi udindo wodula. Dzina lanu silikufunika."

Zimenezi zinawapweteka m'njira yachilendo, ngati kuti ngakhale cholakwa chawo chomwe chawalandidwa. Mandevu anasaina, ndipo a Mcloud anakapereka kalatayo pamanja n'kubwera ndi kope lodindidwa chidindo cha tsiku.

Yankho linabwera patapita masabata asanu ndi awiri. Chilango anachichotsa, chiwongoladzanja anachiwerengera, nkhani ya kampani ndi boma inathera pomwepo. Koma nkhani ya kampani ndi antchito ake inali isanayambe. Mandevu anaitana a Nason nawauza kuti chiwongoladzanja alipira yekha, za makaniki amene anamwalira chaka chathacho alipiranso yekha, koma msonkho weniweniwo unali wa eni malipiro, ndipo lamulo linkamulola kuutenga kwa iwo. Fodya wa zaka za chilala anali asanabweze ngongole ya kubanki, choncho adzadula m'buku lobiriwira asanalitseke. Sananame, ndipo a Mcloud anatsimikiza kuti lamulo likutero. Pa tsamba la a Saturday panayenera kuchoka madola 2,150.

A Nason anadziwa tanthauzo la nambala imeneyo popanda kuwerengera. Inali denga. Ndalama yotsalayo ikanakwana basi, simenti ndi njerwa, koma malata ayi, ndipo iwo ankamudziwa mnzawoyo ngati chikhatho chawo. Munthu uja akanangoti ndigwireko chaka china, ndipo ndi chifuwa chimene chija chaka china chikanamupeza kumanda a kuseri kwa damu. Anzawo ena atatu anali anyamata powayerekeza, anali ndi nthawi yodandaula ndi kuiwala. A Saturday analibe nthawi imeneyo.

Masana amenewo a Nason anapita kudimba, kumene a Emelia ankathirira repu. A Emelia anabadwira ku Shamva komweko kwa makolo a ku Tete, ndipo ku Malawi ankangokumva m'kamwa mwa amuna awo. Anamvetsera nkhani yonse osasiya kuthirira.

"Nanga patsamba panu patsala zingati, abambo a Gray?"

"Akadula wanga msonkho, 2,300."

Zinali zochepa chifukwa a Emelia omwewo ankawatumiza kukatapako chaka ndi chaka, pa fizi ya Gray ndi azing'ono ake. Anaika kheni pansi.

"Ndiye mwabwera kudzandifunsa kapena kudzandiuza?"

"Ndabwera kudzafunsa."

"Bodza. Mwayenda ngati munthu amene wagamula kale. Koma ndikufunseni chimodzi. Ndalama imeneyo inali ya ulendo wanu. Amayi anu anamwalira inu muli kuno, kalata yomaliza ya kwanu inabwera Gray ali Fomu 2. Munali kudzapitadi, kapena munkangokonda kuti dzina lanu lili m'buku?"

A Nason anakwiya, nanena kuti mkazi wobadwira mukomboni sangadziwe kuti kwawo kwa munthu n'chiyani. Anayenda mpaka kumapeto kwa dimba n'kubwerera. Ku Ntcheu ankakuona bwinobwino m'maso mwawo, phiri, mtengo wa mango wa pabwalo, njira ya kuchitsime, koma akayesa kuikamo nkhope ya munthu wamoyo amene angawathamangire, sinkabwera. Komabe, malinga ngati tsamba lawo linali ndi kanthu, iwo anali munthu wa paulendo amene wangochedwa. Popanda tsambalo akanakhala mtchona basi, ngati ena onse amene ankawalangiza pawindo.

M'mawa mwake analemba kapepala kopempha kampani kuti ichotse madola 2,150 pa tsamba la Nason Chimbalanga n'kuika pa tsamba la Saturday Gomani. Anasaina, naika deti, ndipo chifukwa chakuti anali atapsa kale kamodzi, anafunsa a Mcloud ngati pamenepanso pali msonkho wobisala. A Mcloud anawerenga kawiri, nati ayi, ndalama imene yadulidwa kale msonkho munthu akhoza kupatsa amene wafuna. Anafuna kuwonjezera mawu ena, koma a Nason anawadula.

"Mwini wake asamve. Akamva akana, ndipo andinyoza mpaka kufa."

Anthu amene ankawadziwa amatsutsanabe mpaka lero. Ena amati unali chifundo, ena amati munthu wonyada ngati uja sakanapirira kuti envulopu yotuluka pawindo lake ikhale yoperewera chifukwa cha iye. A Emelia ankati zonse ziwiri n'zoona, ndipo ankawonjezera chachitatu chimene amuna awo sankafuna kuchimva, choti anapeza njira yaulemu yolekera ulendo umene unkawaopsa.

Buku la kumudzi linatsekedwa Lachisanu lomaliza la Okutobala. Atatu aja analandira maenvulopu odulidwa, anang'ung'udza, ndipo mmodzi, dalaivala, sanawapatsenso moni a Nason mpaka Khirisimasi. A Saturday anali atamva kale mphekesera za kudulidwa, ndipo anafika pawindo nkhope ili gwa. Anauza a Nason kuti awerenge mokweza. Atamva 9,400 anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Mwaona, a Phiri? Hurumende, ndikunena boma, imadziwa anthu oti iwaope. Inu ophunzira akumetani, ine osaphunzira andisiya!"

"Ndi mwayi wa mbuli umenewo, achimwene."

"Nanga inu akusiyirani zingati?"

"Zokwanira."

Mu envulopu ya a Nason munali madola 150.

Patapita masabata awiri lole ya papulazi inanyamula a Saturday kupita nawo ku Mbare, mu Harare, kokakwera basi, ndipo a Nason anapempha tsiku kuti awaperekeze. Kumusika kunali phokoso la masiku onse, mahwindi, anyamata oitanira mabasi, akukokerana katundu, amayi akugulitsa mazira owiritsa, ndipo pa basi ya ku Malawi anthu ankayankhula Chichewa chosasakaniza chimene a Nason anali asanachimve kwa zaka zambiri. Anaima pafupi ndi chitseko n'kumangomvetsera, mtima ukuwawa. A Saturday anakwera, ndalama zitasokereredwa m'kati mwa jekete, napeza mpando wa pawindo. Anatulutsa mutu.

"A Phiri! Akuti basi imeneyi tikadutsa Mwanza imadzera kwanu ku Ntcheu. Ndikatsika ndikafunse kwa a Chimbalanga. Ndikawauze kuti mukubwera liti?"

A Nason anakonza tayi yawo. Kondakitala anali akumenya kale m'mbali mwa basi.

"Mukapeza wondikumbuka, mukamuuze kuti munandisiya ndili bwino, ndili ndi ana asanu. Za kubwera musakatchule."

A Saturday anawayang'ana nthawi yaitali, kuseka kuja kutatha, ndipo mwina pamenepo anazindikira kanthu, chifukwa munthu wodziwa fodya pomukhudza sapusitsika msanga. Anatsegula pakamwa, koma basi inanyamuka.

Kalata inabwera mu Febuluwale, yolembedwa ndi mdzukulu wa mlongo wa a Saturday. Inati nyumba yatha, ya zipinda zitatu, malata makumi atatu ndi awiri, ndipo agogo amakhala pakhonde kulamulira anthu ngati ali m'munda wa fodya. Inati ku Ntcheu anatsikadi, anagona masiku awiri akufunsa, ndipo anapeza mayi mmodzi wokalamba amene anati Nason amamukumbuka, kamnyamata kolemba bwino kamene kanapita ku Halale, koma ankayesa kuti kanamwalira kalekale. Kalata yachiwiri inabwera mu Julayi, yonena kuti agogo aikidwa pafupi ndi amayi awo.

A Nason anagwirabe ntchito zaka zina zitatu, akudula msonkho pa bonasi iliyonse mwankhanza ngati munthu wobwezera. Atapuma, Mandevu anawasiyira nyumba yawo ya njerwa kumapeto kwa komboni, ndipo anayamba kugwira khasu tsiku lililonse, mochedwa ndiponso mosadziwa, a Emelia akuwaseka. Tsiku lina mu 1998 Gray anabwera kuchokera ku Harare, kumene ankagwira ntchito ya uphunzitsi, nawauza kuti wasunga ndalama yokwanira anthu awiri, apite limodzi pa tchuti akaone ku Ntcheu. A Nason anaganiza nthawi yaitali, akuyang'ana kumene kunali manda a papulazi, kuseri kwa damu, kumene anzawo ambiri a m'mzere wa malipiro anagona.

"Sunga ndalamayo, mwana wanga," anatero. "Kumeneko anandilira kale. Ukadzandiike kuno, kumene anthu adzadziwe amene akumuika."